Apu Yabwino Ndi Imene Imagwirabe Ntchito Deta Itatha

Sabata siitha pa kampasi pano popanda wina wofuna kuchotsa zakumbuyo pa chithunzi chake. Wina akufunsira malo ophunzirirako ntchito ndipo akufuna chithunzi chaulemu choti aike pa fomu. Akwaya akufuna positala yoitanira anthu ku chiyimbiro. Wina akugulitsa nsapato pa WhatsApp ndipo sakufuna kuti ogula aone ndowa ndi zovala zoyanikidwa kuseri kwa hositelo. Tonsefe timachita chimodzimodzi: timatsegula Play Store, n'kulemba "background remover", kenako n'kutsitsa ma apu atatu kapena anayi amene ali pamwamba kuti tione yabwino. Pofika madzulo bandulo yatha, foni ikulemba kuti "Storage space running out", ndipo chithunzi chija sichinakonzedwebe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Maganizo athu ndi akuti timalakwitsa poyambira penipeni. Timasankha apu poona nyenyezi zimene anthu aipatsa, kuiwala kuti ambiri mwa opereka nyenyeziwo ali ndi mafoni a malo ambiri komanso intaneti yosawerengera. Ambirife tili ndi itel kapena Tecno ya 16 GB kapena 32 GB, ndipo gawo lalikulu la malowo linatengedwa kale ndi Android yeniyeniyo, WhatsApp ndi manotsi a m'kalasi. Kwa munthu wa foni yotere, funso loyamba ndi lakuti: kodi ntchito yodula chithunziyi ikuchitikira m'foni mwangamu, kapena kwina?

Funsoli ndi lofunika chifukwa ma apu amenewa ali m'magulu awiri. Ena amadula chithunzi m'foni momwemo, ndipo ukangowatsitsa safunanso intaneti. Ena amatumiza chithunzi chako ku makompyuta a kampani yawo, chimakadulidwa kumeneko, kenako chimabwerera. A gulu lachiwiriwa amadya deta kawiri pa chithunzi chilichonse, popita ndi pobwera, ndipo ukapanda kukhutira n'kuyesanso, walipiranso. Pamwamba pa izi, aulere ambiri amakuonetsa kanema wotsatsa malonda usanasunge chithunzi, ndipo kanemayo amatsitsidwa ndi bandulo yako yomweyo. Tisaiwalenso kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, imene ambirife timagula chifukwa ndi yotsika mtengo, siigwira ntchito pa ma apu otere.

Kudziwa gulu limene apu ili n'kosavuta. Itsitseni pamene mwapeza Wi-Fi, ndipo muitsegule kamodzi muli pomwepo, chifukwa ena amatsitsa mafayilo owonjezera akatsegulidwa koyamba. Mukatero yatsani Airplane mode, n'kuyesa kudula chithunzi chimodzi mpaka kuchisunga. Ikamaliza ntchito, ndi ya gulu loyamba. Ikangozungulira kapena kukuuzani kuti mulibe intaneti, mwadziwa kuti tsiku limene deta idzathe, nayonso idzakhala itatha.

Chachiwiri ndi kukula kwake. Nambala imene Play Store imaonetsa pa "About this app" ndi ya zimene mutsitse basi. Apu ikalowa m'foni imafufuma, ndipo ikayamba kugwira ntchito imasunga zinthu zina zambiri. Nambala yoona mumaipeza mukaigwiritsa ntchito masiku angapo, polowa mu Settings, kenako Apps, n'kusankha apuyo ndi kuona pa Storage. Ma apu akuluakulu monga Picsart ndi Canva amachita zinthu zambirimbiri, zokongoletsa, zolemba ndi za makanema, ndipo malo amene amatenga ndi a zonsezo ngakhale inu mukufunapo chimodzi chokha. Komanso mu Canva, chida chochotsera zakumbuyo chili m'gulu la zolipira la Canva Pro. Kutsitsa apu yonseyo chifukwa cha chida chimenechi kuli ngati kugula ng'ombe pofuna kapu imodzi ya mkaka, n'kupeza kuti mkakawo ndi wogulanso.

Tiyeni tiwerengere ndi chitsanzo cha positala ya kwaya ya anthu 20, aliyense ndi chithunzi chake. Tinene kuti foni yatsala ndi malo a 600 MB ndipo bandulo ndi ya 500 MB. Chithunzi cha kamera ya mafoni athuwa chimakhala cha pafupifupi 3 MB. Tikasankha apu ya pa intaneti ya 150 MB, tachotsa kale 150 pa bandulo. Kutumiza zithunzi 20 kudya 60 MB. Zikamabwerera zimakhala za mtundu wa PNG, umene umalemera kwambiri, ndiye tiike 4 MB chilichonse, zonse pamodzi 80 MB. Tafika pa 290 MB tisanawerengere zotsatsa malonda ndi zithunzi zobwereza. M'foninso apu ija yafufuma kupitirira 150 ija, zithunzi zatsopano zawonjezera 80, ndipo positala yeniyeniyo sitinayambe n'komwe kuipanga.

Njira ina ndi kutenga kaapu kakang'ono kodulira pamanja, monga Background Eraser ya handyCloset. Dzina limeneli lili pa ma apu ambiri, choncho muziona dzina la wopanga limene limalembedwa pansi pake. Mukakhudza khoma ndi chida cha Auto, imafufuta malo onse oyandikana a mtundu wofanana, ndipo zotsalira mumamalizitsa ndi Manual. Mukafufuta khutu la munthu mwangozi mumalibweza ndi Repair. Ikangotsitsidwa, kudulako sikufuna deta. Mtengo wake ndi nthawi: ngati chithunzi chimodzi chikutenga mphindi zisanu, anthu 20 ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Kwa wophunzira amene bandulo imodzi iyenera kumufikitsa Lachisanu, ndipo pa bandulo yomweyo ayenera kutumizira ntchito ya m'kalasi, ife tikuona kuti kulipira ndi nthawi n'kwabwino kusiyana ndi kulipira ndi deta.

Nthawi zinanso sitifuna kuchotsa zakumbuyo, timangofuna kuti zisamaonekere kwambiri. Apa Snapseed ya Google imakwanira. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imagwira popanda intaneti. Chida chake cha Lens Blur chimachititsa zakumbuyo kuoneka mwachimbuuzi nkhope ili yowala, ndipo Healing chimafufuta tinthu ting'onoting'ono monga waya kapena banga pakhoma.

Ena atitsutsa kuti ma apu a pa intaneti amadula bwino kwambiri, ndipo akunena zoona. Pa tsitsi la afulo, la zingwe kapena la meshi, chala cha munthu pa sikirini yaing'ono chimasiya m'mphepete mokhala ngati mwadulidwa ndi lumo lobuntha, pamene makompyuta aja amatsata tsitsilo bwinobwino. Koma kuvomereza zimenezi sikutanthauza kuti tidzaze foni. Zithunzi zovuta zoterezi zingadulidwe pa Chrome popanda kutsitsa apu iliyonse, pa masamba monga remove.bg. Chofunika n'kudziwa malire ake. Chithunzi chaulere cha remove.bg chimabwera chaching'ono, cha mapikiselo pafupifupi 625 m'litali ndi 400 m'lifupi. Pa sikirini chimaoneka bwino, koma kuti chisindikizidwe mooneka bwino papepala chimangokwana masentimita pafupifupi 5 kwa 3. Mukachikuza kuti chidzaze pepala la A4, nkhope imasanduka timabokosi.

Malire amenewa angatithandize tikawagwiritsa ntchito mwanzeru. Chithunzi cha pa fomu cha mamilimita 35 kwa 45 chimangofuna mapikiselo pafupifupi 413 kwa 531, ndipo izi sizipitirira zimene chaulere chija chimapereka. Chinsinsi ndi kuyamba mwadula chithunzicho ndi Crop ya mu Gallery kuti patsale mutu ndi mapewa okha musanachitumize. Mukatumiza chithunzi chonse, mapikiselo ochepawo amathera pa khoma ndi mitengo, nkhope n'kutsala kadontho. Mukayamba mwadula, onse amapita pankhope, ndipo deta yotumizira imachepanso. Tingochenjezana kuti ngati ofesi yanena kuti ikufuna chithunzi chosasinthidwa, tisachite ukathyali, tikajambulitse. Ndipo popeza chithunzi chotumizidwa pa intaneti chimapita pa makompyuta a anthu ena, tiyambe tapempha mwini nkhopeyo, makamaka zikakhala zithunzi za ana.

Musanakhulupirire apu iliyonse, yesani chithunzi chimodzi mpaka pamapeto, n'kuchitsegula mu Gallery. Ma apu ena amakulolani kugwira ntchito yonse bwinobwino, koma pofika posunga amadinda dzina lawo pakona, kapena amafuna kuti muvomereze "free trial" imene imayamba kudula ndalama masiku oyeserera akatha. Onaninso mtundu wa fayilo. JPEG siitha kusunga malo opanda kanthu, imawadzaza ndi mtundu woyera kapena wakuda. Ngati munthu wodulidwayo mukamuike pa positala, sungani ngati PNG. Ngati mwaika kale khoma loyera kumbuyo, sungani ngati JPEG chifukwa ndi yopepuka. Potumiza PNG kwa mnzanu pa WhatsApp, itumizeni ngati Document. Mukaitumiza ngati chithunzi wamba imafinyidwa, ndipo malo opanda kanthu aja amadzazidwa.

Komabe ntchito yaikulu imachitika musanatsegule apu iliyonse. Kaapu kakang'ono kamagwira bwino pamene munthu ndi khoma zikusiyana mtundu. Woimba wovala malaya oyera ataima pa khoma loyera, Auto imadya phewa limodzi ndi khomalo. Muimikeni patsogolo pa khoma kapena nsalu ya mtundu umodzi wosiyana ndi zovala zake, mapazi awiri kuchoka pakhomapo kuti mthunzi wake usagwerepo, ndipo mujambulire pamthunzi wowala, osati padzuwa la masana. Mukatero mphindi zisanu zija zimachepa kwambiri. Ngati akwaya onse angaime pamodzi pa khoma limodzi lotere, mudula chithunzi chimodzi m'malo mwa 20.

Choncho ife tikuti foni ya malo ochepa ikhale ndi apu imodzi yokha yodulira imene yapambana mayeso a Airplane mode, ndipo zithunzi za tsitsi lovuta zizidikira Wi-Fi ndi Chrome. Pa apu imene mwasungayo, zimitsani Background data mu Settings kuti isamadye bandulo muli m'kalasi, ndipo mu Play Store ikani Auto-update apps kuti izichitika pa Wi-Fi pokha. Positala ikatha, fufutani ma PNG amene simukuwafunanso ndipo mudine Clear cache. Ma apu atatu ena aja amene munatsitsa poyesa, achotseni lero lomwe, mupeze malo osungira manotsi a mayeso.