Akakweza wina pantchito, mungadziwe bwanji kuti panalibe tsankho?

Kuyambira mu Febuluwale 2024, dziko la Mozambiki likutsata Lamulo la Ntchito latsopano, nambala 13/2023. Lamuloli linawonjezera tchuthi cha mayi amene wabereka. Kale chinali masiku 60, tsopano ndi masiku 90. Amayi ambiri anakondwera. Koma inu amene mumagwira ntchito mukudziwa zimene zimanenedwa m'ofesi chitseko chikatsekedwa. Pakapezeka mpando wa ukapitawo, wina amati, "Uyu tisamupatse, mawa atisiya miyezi itatu." Motero ufulu umene lamulo lapereka kwa mayi umasanduka chifukwa chomutsekera njira.

Malamulo aakulu a dziko, a 2004, amakana zimenezi. Gawo 35 limanena kuti nzika zonse n'zofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana khungu, mtundu, kumene munthu anabadwira, chipembedzo, kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Gawo 36 limabwerezanso za amuna ndi akazi. Zaka za munthu sizinatchulidwe pa mndandanda wa gawo 35, ndipo mwina n'chifukwa chake mabwana ena amanena poyera kuti "wakalamba" kapena "akadali mwana", osachita manyazi.

Vuto n'lakuti bwana sanena kuti, "Ndakukana chifukwa ndiwe Msena," kapena "chifukwa ndiwe mkazi." Nthawi zambiri iye mwini sadziwa kuti akusankha. Mtima wake umayamba wakonda munthu, ndipo zifukwa amazipeza pambuyo. Choncho tsankho muzilifufuza mu zifukwazo.

Tiyerekeze nyumba yosungiramo mbewu ndi feteleza ku Ulongwe. Kapitawo wapuma, ndipo anthu atatu akufuna mpandowo. Woyamba ndi mayi wa zaka 34. Wagwira zaka 8, ndipo wangobwera kumene ku tchuthi cha uchembere. Wachiwiri ndi bambo wa zaka 55 amene wagwira zaka 20. Wachitatu ndi mnyamata wa zaka 29 amene wagwira zaka 3. Iye amachokera dera limodzi ndi bwana, ndipo pa nthawi ya chakudya amacheza m'chinenero chakwawo.

Bwana wasankha mnyamatayo. Akuti ndi wochangamuka ndipo amalankhula Chipwitikizi chosalala. Za bambo uja akuti sangazolowere zatsopano. Za mayi uja akuti ali ndi zambiri kunyumba.

Yesani zifukwa izi posinthanitsa anthu. Mnyamatayo akanakhala ndi mwana wakhanda kunyumba, kodi bwana akanati ali ndi zambiri? Ayi. Mwina akanati, "Ali ndi banja tsopano, afunika ndalama." Mwana yemweyo akukweza bambo, akutsitsa mayi. Nanga bambo wa zaka 55 uja anapatsidwapo chinthu chatsopano n'kulephera? Ngati sanamuyesepo, bwana akuweruza imvi. Chifukwa chikamagwira ntchito kwa munthu mmodzi n'kusiya kugwira kwa mnzake, pamenepo pali tsankho.

Za Chipwitikizi zimandikhudza kwambiri, chifukwa ndimaphunzitsa aphunzitsi a sukulu za kwacha. Munthu amene anakula akulankhula Chinyanja, Chinyungwe kapena Chiyao, n'kuphunzira Chipwitikizi atakula, katchulidwe kake kamamveka. Ambiri akamva katchulidweko amaganiza kuti nzeru zake n'zochepa. Koma kapitawo wa nyumba ya katundu amafunika kuwerenga matumba molondola ndi kulemba m'buku zomveka. Lilime losalala siliwerenga matumba. Tsankho la mtundu limakonda kubisala apa, komanso m'mawu akuti "timamvana naye" kapena "ndi wodalirika". Kawirikawiri mawu amenewa amatanthauza kuti ndi wakwathu. Ndipo tisanamizane, izi zimachitika mbali zonse. Mwana wa m'deralo akakhala bwana, nayenso amatha kutsekera amene amawatcha obwera.

Njira yochepetsera tsankho ndi yosavuta kuimva. Zofunika pa mpandowo zilembedwe mayina asanatchulidwe. Pa nyumba ya katundu ija tingalembe zitatu, n'kuzipatsa mapointi 10 onse pamodzi. Kusunga katundu osasowa, mapointi 4. Kulemba bwino buku la katundu, mapointi 3. Kutsogolera anzake ponyamula ndi potsitsa, mapointi 3. Kenako anthu atatu aweruze, asakhale bwana yekha. Aliyense alembe mapointi ake payekha asanakambirane, chifukwa bwana akayamba kulankhula enawo amangovomera. Ndipo pointi iliyonse ikhale ndi umboni wake, monga buku la katundu la chaka chatha.

Tinene kuti mabuku atsegulidwa. Mayi uja sanasowetsepo thumba, ndiye wapeza 4. Buku lake ndi loyera, 3. Watsogolerapo gulu kangapo, 2. Zonse ndi 9. Bambo uja wapeza 4 pa katundu, 1 pa kulemba chifukwa buku lake lili ndi mipata, ndi 3 pa kutsogolera. Zonse ndi 8. Mnyamata wapeza 2, chifukwa matumba anasowa kawiri ali pa ntchito, kenako 3 ndi 2. Zonse ndi 7.

Onani kuti bamboyo sanapambane, komabe sanalakwiridwe. Wauzidwa pamene pamugwetsa, ndipo kulemba ndi chinthu chimene angathe kuchikonza. Zaka zake sangazikonze. Si kugwa kulikonse kumene kuli tsankho. Tsiku lina mnyamata wakwawo kwa bwana adzapambana moyenera, ndipo mapointi omwewo ndi amene adzamuteteze ku miseche.

Koma mapointi ali ndi malire ake. Tsankho limatha kulowa kale, tsiku loweruza lisanafike. Mayi uja wapeza 2 pa kutsogolera. Bwanji osapeza 3? Mwina chifukwa kapitawo akachokapo, makiyi ankasiyira amuna okhaokha. Amene amasiyiridwa makiyi ndi amene amatumizidwa ku maphunziro ndiye amadzakhala ndi umboni. Choncho mwayi wogwirizira mpando uzizungulira, ndipo uzilembedwa. Zofunika zomwezo zimathanso kulembedwa mokondera. Wina akalemba kuti kapitawo azipezeka usiku uliwonse, pamene nyumbayo imatsekedwa dzuwa lisanalowe, dziwani kuti walembera kuchotsa amayi.

Inu mungathe kuona zimenezi ngakhale mukungoyamba kumene kuwerenga. Tengani kope. Lembani anthu amene akwezedwa kuntchito kwanu pa zaka zisanu zapitazi. Pambali lembani kuti ndi mwamuna kapena mkazi, zaka zake mongoyerekeza, ndi kwawo. Kukwezedwa kumodzi sikunena kanthu. Koma ngati antchito theka ndi amayi, ndipo okwezedwa asanu ndi mmodzi onse ndi amuna, muli ndi funso loyenera kufunsa.

Mukadumphidwa inuyo, funsani mwaulemu zinthu ziwiri. Zofunika pa mpandowo zinali ziti, ndipo zinalembedwa liti? Ine ndagwa pati? Pemphani yankho lolembedwa, ndipo sungani tsiku limene munafunsa. Yankho likamasintha, lero zaka, mawa Chipwitikizi, lembaninso zimenezo. Ngati kuntchito kwanu kuli sindikatu, yambirani kumeneko. Wogwira ntchito pa kampani angathenso kupita ku ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito m'chigawo chake. Wogwira ntchito m'boma angalembe dandaulo kwa akuluakulu ake, ndipo zikakanika alipo Provedor de Justiça, amene amalandira madandaulo a nzika okhudza maofesi a boma. Popita kumeneko tengani kope lanu lija.