Asanatuluke m'chipatala, alembe kaye pepala ili

Amayi anzanga, abambo, ndi inu agogo amene mumakhala magadiyani m'mawodi mwathumu, nkhani ya lero ndi yolemera, koma ndapempha muiwerenge mpaka pansi.

M'bale wanu akagonekedwa chifukwa anafuna kudzipha, tsiku lotuluka limakhala lachimwemwe. Diripi yachotsedwa, akudya, akuyenda yekha. Ndiye mumamva achibale akumuzungulira: "Lonjezani pamaso pa anesiwa kuti simudzachitanso." Iye, mutu uli pansi, amalonjeza. Ine lonjezo limeneli sindilikhulupirira, ndipo ndikukupemphani kuti nanunso musalidalire. Munthu amalonjeza chifukwa cha manyazi, komanso kuti anthu amusiye. Lonjezo limangomuuza chosayenera kuchita, silimuuza chochita usiku umene maganizo aja adzabwerenso. Ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi imeneyi, masabata oyambirira mpaka miyezi 3 atatuluka, chifukwa mankhwala a m'thupi atha koma ngongole, mkangano kapena matenda a kukhumudwa zikumudikira pakhomo.

Chimene ndimakhulupirira ndi pepala limodzi, ndondomeko yodzitetezera. Inakonzedwa ku America ndi akatswiri awiri, Barbara Stanley ndi Gregory Brown, ili ndi magawo 6, ndipo kulemba kwake kumatenga mphindi 20 mpaka 45. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018 anayang'ana anthu omwe kale anali asilikali kumeneko. Amene analemba pepalali, n'kumaimbiridwanso foni atatuluka, kuyesanso kudzipha kunachepa ndi pafupifupi 45 pa 100 m'miyezi 6, poyerekeza ndi amene anangotulutsidwa mwa nthawi zonse. Si mankhwala ochiza, ayi. Mphamvu yake yagona pa mfundo imodzi: maganizo ofuna kudzipha akafika pachimake sakhalitsa, amakwera kenako n'kutsika, mwina m'mphindi chabe, mwina m'maola. Pa nthawi imeneyo mutu sugwira. Pepala limamukumbutsa munthu zimene anaganiza mutu uli bwino.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wina wa ana atatu. Zina ndasintha kuti asadziwike. Anakongola ku banki m'khonde kuti ayambe geni ya tomato, geni inagwa, ndipo bambo akunyumba anamva za ngongoleyo kwa anthu ena. Atapeza bwino tinakhala awiriwiri kuseri kwa katani, gadiyani ndinamupempha adikire panja. Izi musakhumudwe nazo. Pali zinthu zimene munthu sanganene pamaso pa apongozi ake.

Gawo loyamba ndi zizindikiro zochenjeza. Ndinamufunsa kuti andifotokozere tsiku lija kuyambira m'mawa. Poyamba anati, "Zinangochitika, anesi." Ambiri amatero. Koma titabwerera pang'onopang'ono zinaoneka: anali atatha masiku 3 osagona bwino, tsiku la msonkhano wa gulu linali litayandikira, anasiya kupita ku mjigo nthawi imene amayi ena amakhalako, ndipo m'mutu munkangobwera mawu akuti "ana anga angakhale bwino popanda ine." Tinalemba zimenezo momwe anazinenera. Mukalemba kuti "nkhawa" basi, pepala silithandiza, chifukwa nkhawa aliyense ali nayo tsiku lililonse. Pamafunika chizindikiro chimene iye mwini akachiona adziwe kuti nthawi yotulutsa pepala yakwana.

Gawo lachiwiri ndi zimene angachite yekha asanaitane munthu. Iye anasankha kuchapa zovala za ana, kutsegula wailesi n'kumaimba nawo nyimbo za kwaya, ndi kusankha nyemba ali pakhonde. Anatchulanso kupita kudimba, koma tinakufufuta, chifukwa dimba lili kutali, amakhalako yekha, ndiponso n'komwe amasunga mankhwala opopera mbewu. Chilichonse chimene walemba, mufunseni: "Kodi usiku, mvula ikugwa, mungathe kuchita zimenezi?" Ngati ayi, pezani china. Mowa sulembedwa pano. Kachasu ndi amene amachotsa mantha otsala aja.

Gawo lachitatu ndi lachinayi anthu amawasokoneza, koma kusiyana kwake n'kofunika. Lachitatu ndi anthu kapena malo omuchotsa maganizo, osafunika kuulula kanthu. Kwa mayiyu kunali kupita kukaluka tsitsi kwa neba, kapena kukakhala nawo pa maphunziro a kwaya Lachitatu. Lachinayi ndi anthu amene angawauze mosabisa kuti, "Maganizo aja abweranso, bwerani mukhale nane."

Apa ndi pamene timakangana ndi mabanja. Ambiri amafuna kuti dzina loyamba likhale la bambo akunyumba, kapena amalume, chifukwa ndiwo eni mbumba. Ine ndimati ayi, asankhe wodwala. Mayiyu anasankha achemwali ake a m'mudzi woyandikana ndi mayi wina wa mvano. Amuna ake sanawalembe, poti mkangano ndi iwo unali m'gulu la zizindikiro zake. Si chipongwe. Munthu amene umamuopa sungamudzutse 2 koloko usiku. Ndipo dzina lisalembedwe mwini wake asanavomere. Achemwaliwo tinawaimbira tili muwodi momwemo, n'kugwirizana kuti akafulashidwa kawiri motsatizana aimbe msangamsanga, chifukwa mayunitsi sapezeka nthawi zonse. Nambala zilembedwe papepala ndi cholembera. Za mufoni zimatha ndi batire. Pakhalenso munthu mmodzi wofikika wapansi, wogogoderedwa pachitseko.

Inu amene mwalembedwa pagawo limeneli, ntchito yanu si kulalikira kapena kukalipa. Pitani, khalani naye, mvetserani. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamupepuza. Kupemphera naye n'kwabwino ngati iye akufuna, koma pemphero lisalowe m'malo mwa ulendo wa kuchipatala.

Gawo lachisanu ndi achipatala. Musalole kuti palembedwe "kuchipatala" basi. Palembedwe dzina la chipatala chapafupi chimene chimatsegula usiku, tsiku lenileni la kiliniki ya matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu, nambala ya mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, ndi nambala ya wakabaza amene amadzuka usiku. Ife tinaonjezera mzere wina: ndalama ya mayendedwe isungidwe kwa achemwali, isagwiritsidwe ntchito ina. Tsiku lobweranso lisapitirire sabata imodzi atatuluka, ndipo mulione lolembedwa m'kabuku ka kuchipatala musananyamule zikwama. Amene akufunika chithandizo chozama amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati wodwalayo ndi mwana kapena wachinyamata, lembaninso 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Gawo lachisanu ndi chimodzi limalembedwa pomaliza, koma ndilo liyenera kuchitika poyamba, wodwala asanafike pakhomo. Ndi kuchotsa pafupi zinthu zimene angadzivulaze nazo. M'midzi mwathu zimenezi ndi mankhwala opopera mbewu, othira m'chimanga, a makoswe, ndi mapilisi otsala amene timaunjika m'kachitini pawindo. Ndikudziwa chimene mundiyankhe: "Wofuna kufa apeza njira ina." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo si oona kwa anthu ambiri. Ambiri amene apulumuka sadzafa modzipha. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a mbewu oopsa kwambiri, imfa zodzipha zinatsika kwambiri m'dziko lonselo. Chinthu chikakhala patali, mphindi zoopsa zija zimadutsa munthu adakali moyo.

Enanso amati, "Nanga tisalime?" Limani. Koma mankhwala asagone m'nyumba imeneyo. Kuwabisa kudenga si kuchotsa, mwini nyumba amadziwa ngodya zonse. Kwa mayi uja, mlamu wake anatenga zonse n'kukazitsekera ndi loko kunyumba kwake, kiyi ali m'thumba mwake, ndipo chaka chimenecho kupopera anachita ndi iyeyo. Gulani okwana tsiku lopopera lokha. Mapilisi amene wodwala wapatsidwa potuluka asunge gadiyani, azimupatsa a tsikulo, kapena a sabata imodzi akayamba kupeza bwino. Chilichonse chimene anagwiritsa ntchito ulendo woyamba chichoke ndithu. Papepala palembedwe amene achotse ndi tsiku lake, osati "tidzachotsa." Ndipo muzichita mogwirizana naye, osati ngati mukusecha wakuba.

Pansi penipeni tinasiya mzere umodzi wa chinthu chomwe akufunabe kukhalira moyo. Analemba kuti akufuna kudzaona mwana wake woyamba akulemba mayeso a Sitandade 8. Amene sadziwa kulemba anene yekha, wina alembe mawu akewo osawakongoletsa, kenako amuwerengere mpaka awasunge pamtima. Mapepala akhale awiri, lina m'kabuku kake, lina kwa munthu wa pagawo lachinayi.

Kagwiritsidwe kake n'kotsika ngati makwerero. Waona chizindikiro, ayambe gawo lachiwiri. Sizikutheka, atsikire lachitatu, mpaka pansi. Koma akaona kuti sangadzigwire, kapena inu mukaona akutsanzika, akugawa katundu wake, kapena wangokhala phee mwadzidzidzi ngati munthu amene wamanga mfundo, musatsate makwerero. Asakhale yekha ngakhale mphindi imodzi, nyamukani kupita kuchipatala. Ngati wamwa kale kanthu musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala zimene zatayikiridwa mankhwala, tengani botolo kapena paketi yake, thamangani.

Ndisakunamizeni kuti pepala limatha zonse. Silinabweze ngongole ya mayi uja. Achemwali ake anachita kupita naye ku gulu kukapempha kuti azibweza pang'onopang'ono. Mankhwala a kukhumudwa nawo amatenga masabata 2 mpaka 4, mwina kuposa, kuti ayambe kumveka m'thupi, ndiye asasiye poganiza kuti sakugwira. Pepalanso limakalamba. Atabwera ku kiliniki anandiuza kuti usiku wina analitulutsa, anachapa, sizinathandize, anafulasha mayi wa mvano uja koma foni inali yothima. Anakagogoda kwa neba, amene tinamulemba kuti ndi wolukana naye tsitsi chabe, ndipo nebayo anakhala naye mpaka kunacha. Tsiku limenelo tinafufuta, n'kusamutsira dzina la neba pagawo lachinayi.

Anesi muwodi amakhala ochepa, odwala ambiri, ndipo si onse amene angayambitse okha nkhaniyi. Inu agadiyani pemphani: "Tisanapite, tithandizeni kulemba ndondomeko yodzitetezera." Fomu yosindikiza ikasowa, tsamba la m'kope la mwana wasukulu likwana. Ndipo ngati amene mukuwerenganu ndinu amene maganizowa akukuvutitsani lero, musadikire pepala. Uzani munthu mmodzi amene muli naye pafupi tsopano lino, mumupemphe akuperekezeni kuchipatala.