Chofika pambuyo si ndicho chatsopano

Pakati pa zolakwa zonse zimene zimagwera mapulogalamu a pafoni opangidwa kuti azigwira ntchito ngakhale kumene kulibe netiweki, palibe chimene chikutidetsa nkhawa ife koposa ichi, chakuti mawu olembedwa kale amafafaniza mawu olembedwa pambuyo pake, ndipo amatero mwakachetechete, foni ili kulengeza kuti zonse zatumizidwa bwino. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyerekeze mlangizi wa zaumoyo amene, Lolemba, ali kumudzi kopanda netiweki, wakonza nambala ya foni pa mbiri ya mayi wina woyembekezera. Lachitatu mayiyo apita kuchipatala, ndipo namwino, poona kuti magazi akuthamanga kwambiri, alemba zimenezo pa mbiri yomweyo, nasintha tsiku loti adzabwerenso kuti likhale lapafupi. Lachisanu mlangizi uja afika pamsika pomwe pali netiweki. Foni yake itumiza mbiri yonse ya mayiyo monga idaliri Lolemba, ndipo seva, imene idaphunzitsidwa kuti chofika pomaliza ndicho choona, ilandira. Chenjezo la namwino lapita, tsiku lakale labwerera, ndipo palibe aliyense wa awiriwa amene wauzidwa.

Ambiri, akazindikira chilema chimenechi, amathamangira kuika nthawi ya kusintha, monga `updated_at`, kuti seva iziyerekeza nthawi imene munthu adalemba m'malo mwa nthawi imene mawu adafika. Nzeru imeneyi ikanapulumutsa chenjezo la namwino, komatu ikanataya nambala ya foni imene mlangizi adakonza, pakuti mbiri yonse ikuweruzidwabe ngati chinthu chimodzi. Choipa koposa n'chakuti nthawiyo imachokera ku wotchi ya foni, mboni yosadalirika konse: foni imene wotchi yake idatsogola ndi masiku atatu idzapambana mkangano uliwonse wa m'masiku atatuwo, pamene ina imene tsiku lake lidabwerera m'mbuyo batire litatheratu idzagonja, ngakhale mwini wake atalemba zoona zokhazokha. Leslie Lamport adasonyeza kale mu 1978 kuti pa makina otalikirana dongosolo la zochitika lingadziwike mwa kutsata chimene chidachokera ku chinzake, popanda kudalira mawotchi.

Chifukwa chake ife tikuti funso loyenera kuti seva ifunse foni iliyonse ndi ili: pamene unkasintha, unkaona mbiri iti? Mbiri iliyonse ikhale ndi nambala imene seva yokha imakweza. Mlangizi adatenga mbiri ili pa 7. Namwino adaifikitsa pa 8. Tsono Lachisanu foni ikanena kuti kusintha kwake kudamangidwa pa 7, seva ikane, monga CouchDB imayankhira `409 Conflict` pamene `_rev` yotumizidwa ili yakale. Pamenepo foni itenge mbiri ya 8, iiyerekeze ndi ya 7 imene idasunga, ndipo idzapeza kuti mlangizi adakhudza nambala ya foni yokha, namwino adakhudza za magazi ndi tsiku. Zonse zikhoza kulowa pamodzi mu 9 popanda chotayika. Koma awiriwo akadasintha tsiku lomwelo, makina asadzitengere ufumu wosankha. Asunge zonse ziwiri, nazionetse kwa munthu wodziwa ntchitoyo.

Tichenjezenso iwo amene amaganiza kuti posankha CouchDB ndi PouchDB athana nayo nkhaniyi. Pamene nkhokwe ya pafoni ndi ya paseva zikusinthana zolembedwa, kukana kuja kulibe: nthambi zonse ziwiri zimasungidwa, ndipo yoonetsedwa kwa anthu ndi imene ili ndi masinthidwe ochuluka. Motero mlangizi akadakonza mbiriyo katatu Lolemba lija, kuifikitsa pa 10, nthambi yake ikanaphimba ya namwino ya pa 8. Yogonjayo sifafanizidwa, ndipo `conflicts=true` imaiulula, koma ngati mmisiri sanalembe malangizo oifunafuna ndi kuiyanjanitsa, idzagona m'nkhokwe osaonedwa ndi munthu.

Kuyesa ngati pulogalamu ili ndi nthenda imeneyi sikufuna chuma. Mutenge mafoni awiri, muzimitse netiweki pa yoyamba ndi kusintha mbiri, musinthe mbiri yomweyo pa yachiwiri ndi kutumiza, kenaka muyatse netiweki pa yoyamba ija. Mubwerezenso mutatsogoza wotchi yake ndi sabata imodzi. Tikupempha mabungwe amene amagula mapulogalamu otere kuti asasaine chikalata cholandirira ntchito asanaone kuyesa kumeneku ndi maso awo, ndiponso kuti antchito a kumidzi akadandaula kuti zimene adalemba zabwerera mwakale, asafulumire kuwanena kuti adaiwala kusunga, koma ayambe afufuza foni imene idakhala nthawi yaitali osalumikizidwa.