Madzi akatayika saoleka: tisiye kudyetsa geni yomwe inafa kale

Abale ndi alongo amene timakhalira kuoda katundu kuno ku Joni, pali mawu amodzi amene atisaukitsa ambiri kuposa akuba a pamsewu ndiponso kuposa misonkho ya pa boda. Mawu ake ndi awa: "Ndalowetsapo kale zambiri, sindingasiye." Timawamva ku Germiston, timawamva ku Tembisa, timawamva ku Primrose. Wina akadandaula kuti shopu yake yatha miyezi isanu ndi umodzi osatulutsa ngakhale ya lendi, timathamangira kumuuza kuti musafooke achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Timaona ngati tikumulimbitsa mtima, koma nthawi zambiri timakhala tikumukankhira m'dzenje. Ife amene tikulemba pano tikuti uphungu umenewu ndi woipa, ndipo tikunena izi chifukwa nafenso unatipweteka.

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tinachiona ndi maso. Aliyense amene anayendapo pa R21 popita ku bwalo la ndege la OR Tambo, kapena pa N12 podutsa Boksburg ndi Benoni, akudziwa zipata zachitsulo zija zodutsa pamwamba pa msewu, zokhala ndi makamera. Zimenezo ndi za e-toll. Bungwe loona za misewu la SANRAL linakongola ndalama pafupifupi R20 biliyoni kuti likonze ndi kukulitsa misewu ikuluikulu ya m'chigawo cha Gauteng, ndipo linkayembekezera kuti oyendetsa galimoto ndiwo abweze ngongoleyo. Zipatazo zinayamba kugwira ntchito pa 3 Disembala 2013. Anthu ambiri anakana kulipira kungoyambira pachiyambi.

Taonani mmene boma linavutikira kuvomereza. Mu 2015 linatsitsa mitengo, koma anthu sanasinthe maganizo. Kenako SANRAL inayamba kutengera ena kukhoti, mpaka mu Malichi 2019 inaimitsa zimenezo. Apa mwana aliyense akanatha kuona kuti chinthuchi chafa, chifukwa ngongole imene mwini wake wasiya kuilonjerera ndani angailipire? Komabe makamera anapitiriza kujambula, makalata a ngongole anapitiriza kusindikizidwa, kampani yotolera ndalama inapitiriza kulipidwa. Mu Okutobala 2022 nduna ya zachuma, a Enoch Godongwana, analengeza kuti boma lisenza ngongoleyo, magawo 70 pa 100 alionse boma lalikulu, magawo 30 chigawo cha Gauteng. Ngakhale zinatero, zipatazo anazithimitsa usiku wa pa 11 Epulo 2024, patatha zaka khumi ndi miyezi inayi.

Amene ankaikira kumbuyo e-toll ankati misewu inamangidwa kale, ngongole ilipo, ndiye sitingasiye. Zoti ngongole inalipo n'zoona. Koma ngongoleyo ikanakhalapobe, zipata ziyake kapena zithime. Funso lenileni linali lakuti kodi njira imeneyi itolera ndalama zokwanira kuyambira lero kupita m'tsogolo? Yankho linaoneka kalekale. Zaka zozengereza zija sizinafafanize ngongole, ndipo pamapeto pake yagwerabe okhoma misonkho, kuphatikizapo ife tikamagula katundu m'masitolo muno.

Tisaseke boma, chifukwa ifenso tinali ndi e-toll yathuyathu. Tinasonkherana anthu anayi n'kugula kalole kakale ka matani anayi pa R120,000 pa yadi ina ku East Rand kuno. Cholinga chinali choti tizinyamula katundu wa anzathu kupita ku Blantyre, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa boda ya Mwanza, ulendo wa makilomita oposa 1,700. Chaka chisanathe tinali titakonzetsa injini, titasintha giyabokosi, titagula matayala ndi masipuling'i. Zonsezo zinadya R65,000. Ndiye kuti m'kalole kaja munali mutalowa R185,000.

Injini itayambanso kufuka utsi, makaniko anati pakufunika R25,000. Sabata yomweyo panabwera munthu wofuna kukagula mmene kanalilimo pa R60,000. Tinakhala pansi, ndipo wamkulu pa anayife anati, "Anyamata, chinthu cha R185,000 tichitaye pa R60,000? Kumudzi akamva adzati chiyani?" Tonse tinagwedeza mitu. Palibe amene anafunsa ngati kaloleko kankabweretsa phindu.

Tikanatsegula kope bwinobwino tikanaona izi. Ulendo umodzi unkalowetsa pafupifupi R45,000. Dizilo wopita ndi wobwerera, zolipira m'zipata za m'misewu, mapepala a m'maboda ndi malipiro a dalaivala zinkatenga R38,000. M'kope tinkalemba kuti tapindula R7,000. Koma panalibe ulendo umene kaloleko kanapita n'kubwera osafera panjira. Tikaphatikiza zokokera, masipeyala ndi makaniko a m'mphepete mwa msewu, zinkafika R12,000 pa ulendo. Ndalama zimenezi sitinkazilemba, chifukwa zinkachokera m'matumba mwathu ndi m'chipeleganyu. Choncho ulendo uliwonse tinkaluza R5,000 uku tikuwomba m'manja kuti geni ikuyenda.

Tinakonzetsa injini ija. Tinayenda maulendo ena asanu ndi atatu, omwe anatidyera R40,000. Ulendo womaliza kanafera pakati pa Masvingo ndi Harare, katundu wa anthu anafika mochedwa milungu iwiri, ndipo amayi ena amene anaoda zovala za Khirisimasi anazilandira mu Januwale. Tinakagulitsa pa R35,000. Tiwerenge limodzi tsopano. Pa injini panapita R25,000, pa maulendo R40,000, ndipo mtengo wa kaloleko unatsika ndi R25,000. Kukana kwathu kwa tsiku lija kunatidyera R90,000 yoonjezera, pamwamba pa mbiri yathu imene inaonongeka. Pa R185,000 imene tinkati tikuiteteza ija sitinapulumutsepo kanthu.

Mfundo yake yagona apa. Tsiku limene wogula uja anabwera, tinalibe chinthu cha R185,000. Tinali ndi chinthu cha R60,000, chifukwa mtengo wa katundu ndi umene wogula angapereke lero, osati umene ife tinalipira dzana. Ndalama zotsalazo zinali zitapita kale. Tikanagulitsa zinali zopita, tikanasunga zinalinso zopita. Chinthu chimene sichisintha, kaya musankhe njira iyi kapena iyo, sichiyenera kukhala nawo pa bwalo posankha njira. Ife tinachipatsa mpando waukulu.

N'chifukwa chiyani anthu anzeru zathu, odziwa kuwerengera kusintha kwa randi ndi kwacha m'mutu, timagwa m'mbuna imeneyi? Choyamba, kuluza kumawawa pa tsiku limene wavomereza. Bola kalole kali pabwalo, mtima umadzinamiza kuti ndalama zija zilipo, zangosanduka chitsulo. Ukagulitsa m'pamene bala limaonekera. Chachiwiri ndi manyazi. Tinajambulitsa zithunzi titatsamira kaloleko n'kutumiza kumudzi, ndipo achibale ankatitchula kuti mabwana a thiransipoti. Chachitatu, pa geni yosonkherana palibe amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti tisiye, kuopa kuti anzake amuona ngati wofooka kapena wanjiru. Titagulitsa, zinadziwika kuti atatu mwa anayife tinkafuna kusiya kalekale, koma aliyense ankadikira mnzake.

Tikudziwa kuti ena ayankha kuti geni imafuna kupirira, ndipo amene amathawa msanga salemera. Sitikutsutsa kupirira. Tikutsutsa kupirira chifukwa cha ndalama zimene zinapita. Lamulo lomweli nthawi zina limakuuza kuti upitirize. Tiyerekeze kuti mwaoda katundu wa K4 miliyoni, mwafika naye pa Mwanza, ndipo a MRA akuuzani msonkho wa K1.5 miliyoni, woposa umene munkayembekezera. Mwafufuza ku Limbe ndipo mwapeza kuti katunduyo angagulitsidwe K4.5 miliyoni basi. Mukaphatikiza zonse mwaluza K1 miliyoni, ndipo mtima ungakuuzeni kuti mungomusiya. Koma mukamusiya mubwerera chimanjamanja, pamene mukalipira msonkhowo mutsala ndi K3 miliyoni m'manja. Apa lipirani, kenako musadzaodenso katundu wotereyo. Simukulipira chifukwa choti munalowetsa K4 miliyoni. Mukulipira chifukwa K1.5 miliyoni ya lero ikubweretsa K4.5 miliyoni mawa. Kalole kathu kanalephera mayeso omwewa: R25,000 ya injini inkagula mwayi wopitiriza kuluza.

Palinso ndalama zina zimene zimaoneka ngati zapita koma zisanapite. Dipoziti ya shopu imene mwini nyumba angakubwezereni mukapereka notisi, mashelefu ndi mafiriji amene angagulitsidwe, katundu wotsala amene angapite pa mtengo wotsika, zonsezi ziwerengeni pa mtengo umene mungazigulitse lero. Ndipo kumbukirani kuti mwezi uliwonse umene mukuzengereza, zimenezi zikutha. Lendi ikatsalira, dipoziti ija mwini nyumba amaidya. Zovala zikapitirira nyengo, mtengo umagwa.

Ndiye musanalowetsenso randi ina m'geni imene ikukukayikitsani, chitani zimene ife tinalephera kuchita. Tengani kope, mulembe zimene zalowa ndi zimene zatuluka m'miyezi itatu yapitayi, kuphatikizapo zimene munatapa m'thumba mwanu, kwa akazi anu kapena kwa wakatapira. Ngati geni ikukhalira moyo ndalama zochokera kwina, ndiye kuti ndinu amene mukuigwirira ntchito. Kenako funsani anthu awiri kapena atatu kuti angaigule pa ndalama zingati lero. Mukamva mtengowo, dzifunseni kuti ndalama zimenezi zikanakhala m'manja mwanga, kodi ndikanagula geni yomweyi? Ife tikanapatsidwa R60,000 tsiku lija, palibe mmodzi yemwe akanagula kalole kofuka utsi. Tikanaoda mabulangete ndi nsapato n'kutumiza pa basi ngati anzathu.

Ngati mukuonabe kuti geniyo ikhoza kudzuka, tchulani chimene chisinthe, chifukwa mawu akuti "zikhala bwino" si pulani. Ikani malire polemba, anzanu akuona: ndalama zakutizakuti, mpaka tsiku lakutilakuti, zikapanda kutheka titseka. Malirewo muike lero mutu uli wozizira, chifukwa tsikulo likadzafika mtima udzapemphanso mwezi umodzi.

Ndipo ife tonse tisinthe kayankhulidwe. Mnzathu akabwera kudzati shopu yake ku Daveyton ikumudya, tisathamangire kunena kuti musafooke. Timufunse kuti mwezi watha inalowetsa zingati, inatulutsa zingati, ndipo angaigulitse pa zingati. Akasankha kutseka, tisamuseke. Wapulumutsa mpamba woyambira china, pamene ife anayi tinagawana R35,000 ndi ngongole ya chipeleganyu imene tinaibweza chaka chathunthu.