Wobereketsa sadikira ngayaye

Chimanga chamera m'minda yambiri, ndiye lero ndati tikambirane za nthawi yothira feteleza wachiwiri, uja timati wobereketsa, kaya ndi yureya kaya ndi kani.

Maganizo anga ndi akuti dzina lakuti wobereketsa ndi limene limatisokoneza. Munthu akamva kuti wobereketsa, amaganiza kuti athire chimanga chikatsala pang'ono kubereka, ndiye amasunga thumba m'nyumba mpaka chimanga chifike m'chiuno, ena mpaka aone ngayaye. Pamenepo nthawi imakhala itapita kale. Alangizi amati tithire pakatha masabata atatu, masiku 21, chibzalire. Ine ndimagwirizana nawo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Chimanga chimayamba kukonza chisononkho chake kalekale ife tisanaone kanthu kunja. Chikakhala ndi masamba 6 mpaka 8 otambasuka bwino, m'kati mwa phesi mumakhala mutayamba kale kachisononkho kakang'onong'ono. Nthawi imeneyo ndi pamene zimadziwika kuti chisononkho chidzakhala ndi mizere ingati ya maso, ndipo masabata otsatirawo ndi pamene zimadziwika kutalika kwake. Chimanga chikakhala ndi njala pa nthawi imeneyi, chimakonza kachisononkho kakang'ono molingana ndi chakudya chimene chikupeza. Mukadzathira feteleza ngayaye zitatuluka, masamba abiriwiradi, maso akhoza kukhwimako bwino, koma chisononkho chimene chinakonzedwa chaching'ono sichidzatalikanso. Mumakhala mwagula thumba pa mtengo wonse koma phindu lake mwapeza lochepa.

Chinanso, yureya sagwira ntchito tsiku lomwe mwathira. Amayamba wasungunuka, kenako asinthe m'nthaka kuti mizu ithe kumwa chakudya chake, chija amati nayitirojeni. Zimenezi zimatenga masiku angapo. Ndiye mukathira pa tsiku la 21, chakudya chimakhala chakonzeka pamene chimanga chikuyamba kuthamanga kukula, kuyambira sabata yachinayi kupita m'tsogolo. Apo ndi pamene chimadya kwambiri, ndipo feteleza wokulitsa uja munathira pobzala amakhala akutha mphamvu.

Ena anena kuti makolo athu ankati chimanga chikafika m'mawondo ndiye tithire. Sindikutsutsa kwenikweni, koma bondo muzilitenga ngati malire omaliza, osati poyambira. Vuto la bondo ndi lakuti chimanga chanjala chimachedwa kufikapo. Munda wa nthaka yoguga, umene ukufunitsitsa feteleza, ndi womwewo umene umatenga masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kuti ufike m'mawondo. Ukamadikira bondo, ukudikira chimanga chanjala kuti chikule kaye usanachidyetse. Komanso malo amasiyana. Kumalo ozizira ngati ku mapiri a Dedza chimanga chimakula pang'onopang'ono, pamene kotentha ngati ku Salima chimathamanga. N'chifukwa chake ine ndimati werengani masiku, kenako muone masamba. Tsiku lobzala mulilembe, kaya pa kalendala, kaya mu foni, kaya ndi khala pakhoma la khitchini.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tinene kuti mvula yobzalira yagwa ndipo mwabzala pa 5 Disembala, ekala imodzi, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, kuja timati kwa sasakawa. Chimanga chimera cha pa 10 mpaka pa 12. Wokulitsa mwathira pobzala kapena chitangomera. Cha pa 19 muyambe kupalira, kuti pofika pa 24 munda ukhale woyera. Tsiku la 21 likugwera pa 26 Disembala, mawa lake la Khirisimasi. Kuyambira tsiku limenelo mpaka sabata yoyamba ya Januwale, imeneyo ndiye nthawi yanu. Ngayaye za mbewu zambiri zimene timabzala zidzaoneka kumayambiriro kwa Febuluwale, patatha pafupifupi miyezi iwiri chibzalire. Amene akudikira ngayaye ndiye kuti achedwa ndi mwezi wathunthu ndi masiku ena pamwamba.

Mwaona kuti ndayamba ndi kupalira. Udzu umamwa yureya msanga kuposa chimanga chaching'ono. Kuthira feteleza m'munda wa tchire ndi kudyetsa udzu basi. Ngati ntchito yakuchulukirani, palirani ndime imodzi, muthire ndime yomweyo, mawa mupite ndime ina. Musadikire kuti munda wonse uyere.

Koma tsiku lokha silokwanira, nthaka nayo iyenera kulola. Tapani dothi la pa mzere, mulifinye m'manja. Likagwirana n'kukhala kampira koma osatuluka madzi, chinyezi chili bwino, thirani. Likamangoyoyoka ngati ufa, dikirani. Tinene kuti pa chitsanzo chathu chija mvula yadula pa 22 Disembala, dzuwa likuswa mtengo, masamba a chimanga akupindika masana. Pa 26 musathire ayi, ngakhale kalendala ikutero. Feteleza pa nthaka youma sasungunuka bwino, ndipo akasungunuka ndi kachinyezi kochepa amawotcha mizu ya chimanga chimene chili kale ndi ludzu. Dikirani mvula. Ikagwa yokwanira pa 2 Januwale, pa 3 m'mawa mukhale muli m'munda. Kuchedwa ndi sabata imodzi chifukwa cha ng'amba n'kwabwino kusiyana ndi kutaya thumba.

Mbali inayo, mvula ikachuluka musathirenso. Madzi akamaima m'makwawa, kapena mitambo ikuonetsa kuti kugwa chimvula, chakudya cha mu feteleza chimatsika ndi madzi kupita pansi pomwe mizu ya chimanga chaching'ono sifika, china chimakokoloka. Lolani madzi aphwe tsiku limodzi kapena awiri. Kwa inu a minda ya mchenga, vuto limeneli ndi lalikulu chifukwa mchenga sugwira kanthu. Ndi bwino kugawa thumba pawiri, theka pa masabata atatu, theka linalo pakatha masabata ena awiri kapena atatu, ngayaye zisanatuluke. Ntchito imachuluka, inde, koma mvula imodzi siingakulandeni zonse. A ku dothi la katondo ndi makande akhoza kuthira kamodzi.

Tsopano kathiridwe kake, chifukwa kusunga nthawi koma n'kuthira molakwika ndi kutayabe ndalama. Yureya akasiyidwa pamtunda, makamaka kukatentha ndipo pansi pali kachinyezi, mbali ina ya mphamvu yake imasanduka mpweya n'kuuluka. Ndiye tengani kamtengo, bowolani kadzenje pakati pa mapando awiri, kutalika ngati masentimita 10 kuchokera pa phesi, kuya ngati chala. Thirani, kwirirani ndi phazi nthawi yomweyo. Musaunjike pa tsinde, ndipo asagwere m'kati mwa nsonga ya chimanga, amawotcha. Mukaona masamba auma m'mbali patangopita masiku ochepa mutathira, kawirikawiri ndiye kuti feteleza anayandikira kwambiri kapena nthaka inali youma. Kani sauluka kwambiri ngati yureya, koma naye mumukwirire. Mudziwenso kuti kani ndi wochepa mphamvu: m'makilo 100 a yureya muli makilo 46 a nayitirojeni, pamene mwa kani muli pafupifupi 27. Thumba la kani silingafike pomwe thumba la yureya lafika.

Nanga muyeso? Pa kabzalidwe ka sasakawa, ekala imodzi imakhala ndi mapando pafupifupi 21,000. Thumba la makilo 50 mukaligawa pa mapando amenewa, phando lililonse likulandira magalamu awiri ndi pang'ono, pafupifupi kachitsekerero kamodzi ka botolo la fanta. Njira yodziwira ngati dzanja lanu likuyenda bwino ndi iyi: gawani munda panayi, thumba nalo panayi. Mukamaliza gawo loyamba la munda, muone ngati gawo loyamba la feteleza lathanso. Likatha msanga ndiye kuti mukudzazitsa, chepetsani. Apo ayi mudzafika kumapeto kwa munda thumba lili pululu, mizere yomaliza n'kukhala yopanda kanthu. Ngati muli ndi ndowa imodzi yokha, musamwaze munda wonse kuti paliponse palaweko. Sankhani ndime imene yamera bwino, yopalira, muthire muyeso woyenera mpaka pomwe ndowa ithere.

Chimanga chimanenanso chokha chikakhala ndi njala ya nayitirojeni. Masamba a m'munsi ndi amene amayamba kuchita chikasu, kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wa pakati, ndipo mbewu yonse imaoneka yotuwa ndi yowonda. Mukaona zimenezi ngakhale masiku 21 asanakwane bwinobwino, makamaka ngati wokulitsa simunathire, musadikirenso, thirani bola chinyezi chilipo. Koma si chikasu chilichonse chimene chimafuna yureya. Masamba okhala ndi timizere tachikasu toduladula m'litali mwake ndi matenda, yureya sangachize. Masamba obooka okhala ndi zinyenyeswa ngati utuchi m'nsonga ndi ntchemberezandonda. Chimanga cha m'lowe chimachitanso chikasu chifukwa mizu yamira, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula njira kuti madzi achoke, feteleza abwere pambuyo.

Mwina wina akuwerenga izi chimanga chake chili kale m'chiuno, feteleza wangomupeza kumene. Thiranibe, bola ngayaye zisanatuluke, mupezapo kanthu ndithu. Koma ngati ndevu zayamba kale kuuma, thumba limenelo mulimange bwino, muliike pamalo ouma, lidzagwire ntchito kudimba.

Pomaliza ndilankhule ndi inu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Joni. Mukaimba foni kumudzi musamangofunsa kuti chimanga chili bwanji. Funsani kuti munabzala tsiku lanji, muwonjezere masiku 21, ndipo ndalama ya wobereketsa ifike kutatsala sabata, kuti amayi akhale ndi nthawi yopita kukagula. Ambiri timabzala kumayambiriro kwa Disembala, ndiye tsiku lothira limagundana ndi Khirisimasi, kenako fizi ya Januwale. Mukati mudikire malipiro a kumapeto kwa Januwale, ndalama ndi yomweyo, thumba ndi lomwelo, koma chimanga cholowa m'nkhokwe chidzachepa. Ngati n'kusankha pakati pa mpunga ndi nkhuku ya Khirisimasi ndi thumba la yureya, ine ndingati yambani ndi thumba.

Amene mwabzala kale, tandiuzeni tsiku lake tiwerengere limodzi.