Ndemanga: Mtengo wa Mafuta a M'nyumba

Omvera athu ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete, chiyambire 2022, pamene ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, makopaletivu ambiri agula zigayo, makina oyengera mafuta ndi kutsegula mashopu. Chodetsa nkhawa ndi chizolowezi chimodzi cha makomiti: pa msonkhano wa pachaka amakhazikitsa mtengo umodzi woti makina azigulitsira mafuta ku shopu ya kopaletivu yomweyo, n'kuusiya chaka chonse ngati mwala wa pamanda. Atcheyamani ndi asungichuma, mtengo umenewu uyenera kusintha, ndipo funso lousintha ndi limodzi: kodi makina ali ndi mpata, kapena adzaza?

Tiyerekeze kopaletivu ya ku Vubwi yomwe ili ndi nthambi ziwiri, makina oyenga mafuta a mpendadzuwa ndi shopu. Makina atha kutulutsa zigubu 100 za malita 20 pamwezi. Chigubu chilichonse chimadya K600 pa mbewu, magetsi, aganyu ndi chigubu chomwe, titachotsapo kale ndalama ya keke yogulitsidwa kwa oweta nkhumba. Malipiro a mlonda ndi ngongole ya makina sizilowa mu K600 imeneyi, pakuti zimalipiridwa kaya makina alire kaya akhale chete. Ogula a kunja amapereka K800 pa chigubu. Shopu imafuna zigubu 20 pamwezi, ndipo itha kuoda mafuta ofanana nawo ku Chipata pa K750, kufika nawo pakhomo.

Tiyambe ndi mwezi wozizira malonda. A kunja atenga zigubu 60 zokha, mbewu ili m'nkhokwe, makina azima masana, woyendetsa ali pa nsolo pansi pa mtengo wa mango. Woyang'anira shopu abwera kudzapempha zigubu 20, ndipo woyang'anira makina amuuza kuti mtengo ndi K800 monga inalamulira komiti. Iye si wopusa, ndipo naye komiti idzamufunsa phindu, choncho aimba foni ku Chipata n'kuoda pa K750. Taonani chimene chachitika. Kopaletivu yatulutsa K750 pa chinthu chimene ikanadzipangira ndi K600, kutaya K150 pa chigubu, K3,000 pamwezi. Oyang'anira awiriwa aliyense wateteza buku lake, koma thumba la mamembala laboka. M'mwezi wotere makina sataya wogula aliyense pothandiza shopu, choncho mtengo wotsikitsitsa woti avomere ndi K600, ndipo wokwera kwambiri woti shopu ivomere ndi K750. Pakati pamenepa, kaya K650 kaya K700, awiriwa akambirane ngati anthu akuluakulu. Mtengo uliwonse wa pakatipo upulumutsa K3,000 ija. Chimene chisintha ndi buku limene phindu lionekere.

Tsopano nyengo yasintha. Ogulitsa a pamsika wa Katete ndi a mu mseu waukulu wa ku Sinda akulimbirana mafuta, zigubu zonse 100 zili ndi eni ake, ena alipiriratu. Komiti ina, yomwe inaika mtengo wa K650 poganiza kuti ndiwo chibale, ilamula kuti shopu ipatsidwe zigubu zake 20. Apa chigubu chilichonse cholowa m'shopu chalandidwa m'manja mwa munthu wogwira K800. Kopaletivu yasiya K800 kuti ipewe kulipira K750, ndiye kuti yataya K50 pa chigubu, K1,000 pamwezi. Makina akadzaza, mtengo wotsikitsitsa ndi K600 ija kuphatikizapo K200 imene akanapeza kwa wogula wa kunja, zonse pamodzi K800. Ngati pali ndalama imene siionongeka pogulitsa m'nyumba, monga K30 yolipira njinga yamoto yokatula katundu, ichotsedwe, mtengo ukhale K770. Komabe K770 iposa K750 ya ku Chipata, ndipo yankho ndi lomveka ngakhale liwawa m'makutu: mwezi umenewo shopu iode kunja, makina agulitse kunja, ndipo kopaletivu yonse ipindula.

Miyezi yambiri imagwa pakati. A kunja akatenga zigubu 90, mpata ndi wa zigubu 10 zokha. Shopu ikaumirira pa 20, khumi zoyamba zidya K600 chilichonse, khumi zotsatira zidya K800 chilichonse, ndipo zonse pamodzi zikwana K14,000, kapena K700 pa chigubu. Chanzeru koposa n'kuti shopu itenge khumi za mpatazo, zotsalazo ikaode.

Wina anena kuti, "Nanga si thumba ndi limodzi? Ndalama yochoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere ivutitsiranji anthu?" N'zoona kuti mtengo wa m'nyumba paokha suonjezera ngwee m'thumba. Koma ndiwo umene woyang'anira shopu amayang'ana asanaimbe foni ku Chipata, ndipo foni imeneyo ndiyo imatulutsa ndalama yeniyeni kunja kwa mpanda. Mtengo wolakwika umachititsa munthu wokhulupirika kusankha molakwika. Umanamizanso msonkhano: shopu yolandira mafuta pa K650 nthawi imene makina adzaza imaoneka ngati ng'ombe ya mkaka, pamene phindu lake lakamidwa ku makina, ndipo mamembala amaombera m'manja munthu wolakwika.

Wina afunsa kuti, "Tikagulitsa pa K600, mlonda alipidwa ndi chiyani? Ngongole ya makina ibwezedwa bwanji?" Funso ili n'lolemera. Mlonda alipidwa ndithu, kaya shopu igule kaya isagule, ndiye kukana shopu sikuchepetsa malipiro ake ngakhale pang'ono. Koma K600 ndi malire a pansi a mwezi wa mpata, si mtengo wa moyo wonse. Shopu ikakhala kasitomala wa mwezi ndi mwezi, ndi bwino ilipire K600 pa chigubu, n'kuonjezapo ndalama yokhazikika pamwezi yosungitsira malo ake pa makina. Potero imasenzako ngongole ndi kutha kwa zitsulo, koma chigubu choonjezera sichikwera mtengo mpaka kuthamangitsira woyang'anira ku Chipata.

Nanga mudziwa bwanji kuti makina adzaza? Musafunse woyendetsa yekha, pakuti tsiku lokambirana mtengo aliyense amakhala wotanganidwa kuposa njuchi. Tsegulani buku. Kodi mwezi uno pali wogula amene anabwezedwa ndi ndalama yake m'manja? Kodi makina analira maola angati, mwa maola amene magetsi analipo? Tonse tikumbuka 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima nthawi yaitali. Makina otha zigubu 100 akapeza magetsi a theka la nthawi, adzaza pa zigubu 50, ngakhale akhale chete tsiku lonse. Chimodzimodzi mbewu: ngati mpendadzuwa wotsala m'nkhokwe ungokwanira ogula a kunja ndipo wina sapezeka, palibe mpata, ngakhale woyendetsa ali pa nsolo.

Chonde, inu a makomiti, ndi inu alangizi a makopaletivu m'maboma athu atatuwa, lekani kuvotera nambala imodzi ya chaka chonse. Voterani lamulo. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, oyang'anira awiri akhale pansi ndi msungichuma, alembe manambala atatu: ndalama yopangira chigubu chimodzi, zigubu zimene a kunja aitanitsa poyerekeza ndi zimene makina angathe, ndi mtengo wa ku Chipata lero. Ntchito imeneyi siitenga ola lathunthu, koma m'chitsanzo chathu chija yasunga K3,000 mwezi umodzi ndi K1,000 mwezi wina. Ndalama imeneyo ndi ya mayi amene anasenza mpendadzuwa wake pamutu kubwera nawo ku kopaletivu, ndipo ali ndi ufulu woipeza pa tsiku logawana.