Golide akadula, mwini mgodi amatsala ndi zingati?

Chiyambire mu 2021 pomwe Reserve Bank, kudzera ku Export Development Fund, idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, m'misika simukutha nkhani yoti aliyense wa mgodi akusambira m'ndalama. Tadikirani kaye, abale anzanga.

Mayi wogulitsa usipa pa Golomoti akawerenga ndalama yopikulira, ya matola ndi ya chiphaso cha msika basi, phindu limaoneka lonona. Nanga dengu likatha, benchi ikathyoka, ndalama yake ichokera kuti? Makampani a golide kale ankawerengera chimodzimodzi: malipiro, dizilo, magetsi, mankhwala, basi. Mu 2013 mtengo udagwa kuchoka pa madola pafupifupi 1,670 pa aunzi kufika cha m'ma 1,200, ndipo ambiri adapezeka ali m'madzi ngakhale mapepala awo ankaonetsa phindu. Chaka chomwecho bungwe la World Gold Council lidatulutsa kawerengedwe kotchedwa AISC. Pamwamba pa zolowa za tsiku ndi tsiku amaonjezerapo zogulira makina olowa m'malo mwa akutha, zokumbira njira zatsopano mumgodi womwewo, za kulikulu, ndi zodzakonzera malo mgodi ukadzatsekedwa. Zonsezo amagawa ndi maaunzi omwe agulitsa. Aunzi imodzi ndi magalamu 31.1.

Titenge Newmont, kampani yaikulu ya ku America. Mu 2024 inkagulitsa aunzi pa madola 2,408. Zolowa za tsiku ndi tsiku zinali 1,126, ndiye wongoyang'ana pamenepo anena kuti phindu ndi 1,282. Koma AISC yake inali 1,516. Zotsala ndi 892 basi.

Tsono onani apa. Mtengo utatsika ndi madola 241, omwe ndi 10 pa 100 alionse, zolowa sizitsika nawo ayi. Dizilo ndi yemweyo, antchito ndi omwewo. Madola 892 aja asanduka 651, kutanthauza kuti phindu ladyeka ndi 27 pa 100 alionse. Mtengo ukakwera, phindu limathamanganso chomwecho. Mgodi womwe AISC yake yayandikana ndi mtengo ndiye umayamba kuchotsa anthu ntchito.

Ndipo 892 uja musamuyese wolowa m'thumba yense. AISC siwerengera msonkho wa boma pa phindu, chiwongoladzanja cha ngongole, kapena ndalama yotsegulira mgodi watsopano. Dzina lake limati zonse zilimo, koma ine ndikuti dzinalo ndi lokometsera malonda.

Palinso kachinyengo kena. Bwana akhoza kutsitsa AISC chaka chino pongoleka kugula makina ndi kuyamba kukumba miyala yonona yokhayokha. Mudzamuzindikira mukaona AISC yatsika mwadzidzidzi, ndalama yokonzera makina yatsikanso, kenako pakapita zaka ziwiri kapena zitatu golide wotuluka wachepa ndipo AISC yadumpha kuposa kale.